Mwalankhula chilankhulo chanu, foni yatulutsa china: mafunso ndi mayankho

Mafunso awa ndi a anthu amene akufuna kulumikiza mapulogalamu atatu, yomvera mawu, yomasulira ndi yolankhula, kuti voisi ya munthu ikafike kwa mnzake mu chilankhulo china. Ena akupanga okha, ena angopatsidwa apu kuntchito kuti aziigwilitsa ntchito ndiye akudabwa kuti bwanji pena imanena zosiyana ndi zomwe munthu wanena. Mayankho ambiri akuzungulira pa chinthu chimodzi, malo amene pulogalamu ina imapatsira inzake, chifukwa mpamene uthenga umaonongekera.

Kodi zimayenda bwanji kuchokera pakamwa panga mpaka pa sipika ya mnzanga?

Pali masitepe atatu ndipo iliyonse ndi pulogalamu payokha. Yoyamba imamvera mawu nkulemba zomwe yamva, mmamenyu mumaipeza ndi dzina loti `ASR` kapena `STT`. Yachiwiri imatenga zolembazo nkuzimasulira, imeneyo ndi `MT`. Yachitatu ndi `TTS`, imawerenga zomasuliridwazo mokweza ndi mawu opangidwa ndi kompyuta. Kutsogolo kwa zonsezi kumakhala kachinthu kena kakang'ono kotchedwa `VAD` kamene ntchito yake ndi kungozindikira kuti apa munthu akulankhula, apa wasiya, nkumadula voisiyo mzidutswa.

Muganize anthu atatu aliyense mchipinda chake, zitseko zotseka, akupatsirana kapepala pansi pa chitseko. Woyamba yekha ndi amene wamva mawu anu. Wachiwiri sanakumveni, wangoona kapepala, ndipo olo kapepalako kalembedwe zolakwika iye amasulira zomwezo mwaluso lake lonse. Wachitatu sadziwa nkomwe kuti chilankhulo choyamba chinali chiti, iye ngowerenga basi, ndipo amawerenga ndi mawu odekha omwe aja kaya nkhaniyo ndi yoona kaya yasokonekera. Palibe amene angabwerere kwa mnzake kukafunsa kuti pamenepa mumati chani.

Tandionetsani ndi uthenga weniweni, zimalakwika pati?

Tiyerekeze munthu wogwira ntchito ku chipatala akutumiza voisi kwa wodwala amene amamva Chingerezi chokha. Ali panja, pafupi pali injini ikulira, ndipo wanena kuti:

Musabwere Lachiwiri. Adokotala achoka, abweranso Lachinayi. Mankhwala aja muzimwa kawiri pa tsiku, osati katatu. Mwamva?

Pulogalamu yomvera ikhoza kutulutsa izi:

```
muzabwere lachiwiri adokotala achoka abweranso lachinayi
mankhwala aja muzimwa kawiri pa tsiku osati katatu mwamva
```

Mukaziwerenga mothamanga zikuoneka bwinobwino, koma taonani liwu loyambalo. Munthu anati musabwere, makina alemba muzabwere, lomwe ndi mmene ambiri timatchulira mudzabwere tikamacheza. Chilembo chimodzi chokha. Ikani chala pakhosi munene sss kenako zzz, muona kuti lilime lili malo omwewo, kusiyana kwake ndikwakuti pa z pakhosi pakunjenjemera. Kunjenjemerako kumamveka pansi kwambiri, kumene phokoso la injini ndi mphepo yowomba pa maikolofoni zimakhalanso, nde phokoso likaphimba pamenepo makina amangosankha liwu lomwe analiona kambiri pophunzira. Ndipo muzabwere Lachiwiri ndi chiganizo chabwinobwino, palibe chokayikitsa.

Chachiwiri, zolembazo zilibe mpumiro olo umodzi. Mamodelo, kapena kuti mapulogalamu ophunzitsidwa ndi zitsanzo, ambiri omvera mawu amatulutsa zilembo zazing'ono zokhazokha popanda zizindikiro, ndiye pamafunika kapulogalamu kena kobwezeretsa mipumiro kapena kodula ziganizo. Kakadula molakwika tipeza izi:

```
Muzabwere.
Lachiwiri adokotala achoka.
Abweranso Lachinayi mankhwala aja.
Muzimwa kawiri pa tsiku osati katatu mwamva.
```

Chiganizo chachitatucho chisekeni koma ndi choopsa. Abweranso Lachinayi mankhwala aja ndi Chichewa cholondola, kungoti tsopano obwera Lachinayi si adokotala koma mankhwala. Yomasulira ikalandira zimenezi imagwira ntchito yake mokhulupirika:

```
You should come.
On Tuesday the doctors leave.
The medicine will come again on Thursday.
Take it twice a day, not three times, you have heard.
```

Sipika nkuwerenga zimenezi momveka bwino, mopanda kudodoma. Wodwala wamva kuti abwere, kuti madokotala ambiri akuchoka Lachiwiri nde mwina afulumire abwere Lolemba, ndi kuti mankhwala kulibe mpaka Lachinayi. Pa mfundo zinayi yapulumuka imodzi, ya kawiri pa tsiku. Ndipo mukafunsa kuti walakwa ndani, yomasulira sinalakwe kwenikweni, yolankhula sinalakwe, zonse zaonongekera pa chilembo chimodzi ndi mipumiro itatu.

Koma amene anatigulitsa anati imalakwitsa mawu ochepa kwambiri pa 100 alionse. Akunama?

Mwina sakunama ayi, kungoti nambala imeneyo siyeza chimene inu mukufuna. Muyezo wake umatchedwa `WER` ndipo amawerengera chonchi:

```
WER = (S + D + I) / N
```

`S` ndi mawu osinthidwa ndi ena, `D` ndi mawu odumphidwa, `I` ndi mawu owonjezeredwa amene munthu sananene, `N` ndi mawu onse amene ananenedwa. Uthenga wathu uja uli ndi mawu 15, lolakwika ndi limodzi, nde 1 kugawa ndi 15 zikutipatsa pafupifupi 7 pa 100. Papepala imeneyo ndi nambala yonyaditsa. Koma muyezowu umaona mawu onse ngati ofanana, kudumpha aja ndi kusintha musabwere kukhala muzabwere zonse ndi cholakwa chimodzi chimodzi. Komanso poyeza nthawi zambiri amayamba achotsa mipumiro ndi zilembo zazikulu, kutanthauza kuti vuto lonse la kudula ziganizo lija silioneka nkomwe.

Mu zilankhulo zomata tizidutswa tambiri mu liwu limodzi, monga Chichewa, Chiswahili kapena Chitheki, pali chinanso. Sindidzakuuzaninso ndi liwu limodzi koma muli kukana, munthu, nthawi ndi kubwereza. Kulakwitsa kachidutswa kamodzi mmenemo kumawerengedwa ngati liwu lonse lalakwika, nde ena amasinthira ku `CER` yowerenga zilembo, koma nayo ili ndi vuto lake lotembenuza, imati musabwere ndi muzabwere zasiyana chilembo chimodzi pa 9, zazing'ono.

Ndiye palinso masamu a kuchulukitsa. Tingoyerekeza kuti sitepe iliyonse imadutsitsa bwino ziganizo 90 pa 100. Mukazilumikiza zitatu sizikhala 90 ayi, ndi 0.9 × 0.9 × 0.9 yomwe ndi 0.729, ziganizo 73 pa 100. Chimodzi pa zinayi zilizonse chafika chopunduka. Masamuwa ndi ongopereka chithunzi, popeza pena yomasulira imakonza kakulakwitsa kakang'ono ka kalembedwe ndipo pena imakakulitsa, koma kumene zikulowera ndi komweko.

Bwanji osangoponya voisi yonse kwa yomasulira nthawi imodzi mmalo modula?

Chifukwa mamodelo ambiri omasulira anaphunzitsidwa ndi ziganizo, chimodzi uku chimodzi uku, zolembedwa bwino zokhala ndi mipumiro. `NLLB-200` ya Meta, yomwe inatuluka mu 2022 ndipo imagwira zilankhulo 200, ndi yotero, inapangidwira chiganizo chimodzi chimodzi osati chikalata chonse. Mukaipatsa mzere wautali wa mawu 150 opanda mpumiro, chimene chimachitika kawirikawiri ndi chakuti imamasulira koyambirira nkusiya kumapeto osakuuzani, kapena imayamba kubwereza kachiganizo kamodzi. Njira yachidule yogwirira zimenezi ndi kuyerekeza kutalika, ngati zolowa zinali mizere 6 zotuluka ndi mizere iwiri, china chake chatsala mnjira.

Kudula potengera pamene munthu wapuma nakonso kuli ndi msampha wake, anthu sitipuma pamapeto pa chiganizo pokha. Munthu amati muzimwa kawiri pa tsiku osati, kenako wakhala chete akuyang'ana pa botolo, kenako katatu. Makina akadula pa kachetechete kameneko liwu loti katatu limapita lokha ngati chiganizo, ndipo womvera amamva katatu pamapeto, momveka bwino, lopanda osati wake. Nchifukwa chake opanga abwino amaphatikiza ziwiri, kupuma ndi kapangidwe ka chiganizo, ndipo salola kachidutswa ka liwu limodzi kapena awiri kupita kokha, amakamata ku chiganizo cham'mbuyo.

Nanga zomvera zikalemba zonse molondola, basi zatheka?

Ayi, pali zina zimene zimatayika chifukwa choti mawu asanduka zilembo basi, olo pasakhale cholakwa chilichonse. Mwamva uja anali funso, mawu anakwera kumapeto, koma pa kapepala palibe kukwera. Mkwiyo, nthabwala, kuchonderera, liwu limene munthu analitsindika, zonsezi zimathera pa sitepe yoyamba. Mu zilankhulo zimene kukweza ndi kutsitsa mawu kumasintha tanthauzo vuto limakula, mu Chichewa mtengo wa mnkhalango ndi mtengo wa katundu timazitchula mosiyana koma timazilemba chimodzimodzi, nde yomasulira imangodalira mawu oyandikana nawo, ndipo chiganizo chikakhala chachifupi ngati mtengo wagwa imangoponya mwayi.

Kenako pali zimene chilankhulo cholandira chimafuna koma choyamba sichinanene. Adokotala achoka sikunena kuti ndi bambo kapena mayi, ndipo a- wa ulemu amafanana ndi a- wa anthu ambiri. Chingerezi chimafuna musankhe, mmodzi kapena ambiri, mwamuna kapena mkazi, ndiye makina amasankha chimene anachiona kwambiri mu deta yawo. Mukaona dokotala aliyense akusanduka mwamuna ndipo nesi aliyense akusanduka mkazi, chifukwa chake ndi chimenechi.

Zimaipiraipira ngati dongosolo lanu limadutsira pa Chingerezi kuti lifike ku chilankhulo chachitatu, zomwe zimachitika kwambiri pamene palibe deta yokwanira ya zilankhulo ziwirizo mwachindunji. Inu ndi iwe zonse zimasanduka liwu limodzi mu Chingerezi, pofika ku Chifalansa kapena Chipwitikizi, zimene zimasiyanitsa ulemu, makina ayenera kulota. Munthu analankhula mwaulemu kwa wamkulu, sipika ikutulutsa mawu olankhulira mwana. Apa masitepe sali atatunso, ndi anayi.

Yolankhulayo ingalakwitse chani, si imangowerenga?

Imalakwitsa pa chilichonse chimene si liwu wamba. Manambala, madeti, nthawi, mafupikitso ndi mayina. `03/04` kwa munthu waku Amereka ndi 4 Malichi, kwa waku Ulaya ndi 3 Epulo. `1.500` ku Jeremani ndi chikwi chimodzi ndi mazana asanu, ku Ingalande ndi chimodzi ndi theka. Nambala ya foni ikhoza kuwerengedwa ngati mamiliyoni mmalo mwa nambala imodzi imodzi, `mg` ikhoza kutchulidwa ngati zilembo ziwiri. Choipa kwambiri ndi mamodelo amene amangodziwa zilembo zimene anaziona pophunzira, akakumana ndi chizindikiro chachilendo amangochidumpha mwakachetechete, ndipo chiganizo chimamveka chathunthu koma nambala mulibe. Njira yothetsera ndi kuika kasitepe kosintha manambala onse kukhala mawu athunthu a chilankhulo cholandiracho zisanafike kwa yolankhula, ndi kumvera nokha chiganizo chilichonse chokhala ndi nambala pamene mukuyesa.

Mayina a anthu ndi malo amatchulidwa motsatira malamulo a chilankhulo cha liwulo, nde dzina lachiafirika mkamwa mwa liwu lachingerezi pena mwini wake sangalizindikire. Injini zambiri zimalola kulemba katchulidwe pogwilitsa ntchito `SSML`, zizindikiro zoika mzolemba zouza yolankhula kawerengedwe, momwemonso mumatha kuikamo kupuma kapena kuuza kuti apa werenga nambala imodzi imodzi.

Koma kwa ine vuto lalikulu la sitepe iyi si zimene imalakwitsa, ndi kukoma kwa mawu ake. Womasulira wamunthu akakayika amadodoma, amati pepani mubwerezenso, womvera nkudziwa kuti apa nditchere khutu. Liwu la makina silidodoma. Mawu akamamveka ngati a munthu weniweni mpamenenso anthu amawakhulupirira kwambiri.

Uthenga wafika wolakwika. Ndidziwa bwanji kuti yalakwa ndi iti?

Sungani zapakati, osazitaya. Pa uthenga uliwonse mukhale ndi zinthu zinayi, fayilo ya mawu oyamba, zolemba zomvera, zomasuliridwa, ndi fayilo ya mawu otuluka. Apu imene imangokupatsani mawu omaliza osakuonetsani zolemba zapakati ndi yovuta kuidalira pa nkhani ya mankhwala, ndalama kapena malamulo.

Mukatero yambani kumapeto nkumabwerera. Mverani mawu otuluka mukuwerenga zomasuliridwa, zikasiyana vuto ndi la yolankhula. Zikafanana, mverani voisi yoyamba mukuwerenga zolemba zomvera, ndipo muziyang'anitsitsa kukana, manambala, masiku ndi mayina chifukwa maso amathamanga pa zimenezi. Zikafanananso, lembani nokha chiganizocho bwinobwino ndi mipumiro yake nkuchipatsa yomasulira. Ikamasulira bwino tsopano, ndiye kuti vuto linali kudula. Ikalakwitsabe, ndi yomasulirayo. Mu chitsanzo chathu chija mukangokonza z kukhala s ndi kubwezeretsa mipumiro, masiku ndi mankhwala zibwerera mmalo mwake, chotsala chikhala madokotala ambiri aja, nde mwapeza zolakwa zitatu zochokera malo atatu osiyana mu uthenga wa masekondi osakwana 15.

Anthu ambiri amakonda kumasulira mobwerera, kutenga zotuluka nkuzibweza ku chilankhulo choyamba kuti aone ngati zikufanana. Zimathandiza pang'ono koma samalani, njira imeneyi imayesa yomasulira yokha. Muzabwere ipita ku Chingerezi nkubwerako ili mudzabwere, inu nkumati zayenda, chonsecho cholakwa chinalowa kale musanafike pamenepo.

Ngati mukufuna kuyesa dongosolo lonse musanalipereke kwa anthu, jambulani mauthenga 30 kapena 50 a mtundu umene anthuwo azidzatumizadi, pa mafoni omwewo ndi mphokoso lomwelo, amuna ndi akazi, achikulire ndi achinyamata. Pa uthenga uliwonse lembani mfundo zofunika, monga tsiku, kuchuluka, abwere kapena asabwere. Kenako pezani munthu wolankhula chilankhulo cholandira amene sanamve zoyambazo, amvere zotuluka nkuyankha mafunso a mfundozo. Nambala imene mupeze apo ndi imene ili ndi ntchito kuposa `WER` ndi `BLEU`, muyezo wa kumasulira, kuphatikiza.

Pulogalamu yalemba chiganizo chimene munthu sananene nkomwe. Zatheka bwanji?

Zimachitika ndi mamodelo amene amalemba liwu ndi liwu polosera lotsatira. `Whisper` ya OpenAI, ya mu 2022, yomwe inaphunzitsidwa ndi maola 680,000 a mawu ochokera pa intaneti, imadziwika ndi khalidwe limeneli. Imamvera mzidutswa za masekondi 30, ndipo chidutswa chikakhala chete kapena nyimbo yokha, pena imalembabe kanthu, kawirikawiri mawu onga othokoza owonera a kumapeto kwa vidiyo, kapena imabwereza chiganizo chimodzi kambirimbiri. Mu unyolo wathu zimenezi zimamasuliridwa nkulankhulidwa ngati kuti munthu ananenadi.

Pothana nazo, choyamba ndi kudula chete ndi `VAD` mawu asanafike kwa yomvera. Chachiwiri ndi kuyang'ana manambala amene modeloyo imatulutsa pa chidutswa chilichonse mukaiuza kuti ikupatseni `json`. `avg_logprob` ikatsika kupitirira -1.0 ndiye kuti siinali yotsimikiza, `compression_ratio` ikakwera kuposa 2.4 ndiye kuti ikubwerezabwereza, `no_speech_prob` ikaposa 0.6 mwina panalibe wolankhula. Amenewa ndi malire amene inabwera nawo, mukhoza kuwasintha. Chidutswa chogwa pamenepa chisapite kutsogolo, bola kumuuza wotumiza kuti sizinamveke mubwereze.

Komanso konzani fayilo musanayambe. Mamodelo ambiri amafuna mawu a 16,000 Hz a tchanelo imodzi:

```
ffmpeg -i uthenga.ogg -ar 16000 -ac 1 uthenga.wav
```

Koma dziwani kuti lamuloli silibweza zomwe zinatayika. Mawu odutsa pa kuimba foni kwachikale amajambulidwa pa 8,000 Hz ndipo amangosunga kuyambira 300 mpaka 3,400 Hz, pamene mphepo ya s yambiri ili pamwamba pa malirewo. Mukawakweza kufika 16,000 fayilo yakula koma s ndi f zikadali zofanana. Nchifukwa chake dongosolo limene limachita bwino pa voisi yojambula limagwa mukaliika pa kuimba.

Chifukwa chani imachedwa chonchi pocheza maso ndi maso?

Aliyense amadikira mnzake amalize. Tiyerekeze chiganizo cha masekondi 4. Makina adikire chete wa theka la sekondi kuti atsimikize kuti mwamaliza, yomvera itenge sekondi imodzi, yomasulira theka, yolankhula theka kuti iyambe kutulutsa mawu, pamenepo masekondi awiri ndi theka apita musanawerengere netiweki, ndipo mnzanu akumva liwu loyamba patatha masekondi 6 ndi theka chiyambireni inu kulankhula. Omasulira aanthu a mmisonkhano amatsalira masekondi awiri kapena atatu okha chifukwa amayamba wolankhula asanamalize.

Makina nawo angathe kuyamba msanga koma pali mtengo wake. Mu Chijapani mneni ndi kukana zimabwera kumapeto kwa chiganizo, mu Chijeremani nthawi zambiri mneni amakhalanso kumapeto, nde ukayamba msanga ukulota. Pa sikirini mawu akhoza kufufutidwa nkulembedwanso, mwaonapo mawu a pansi pa vidiyo akusinthasintha, koma liwu likatuluka pa sipika latuluka. Pa voisi yotumiza musavutike nazo, masekondi asanu owonjezera palibe amawaona, sankhani kulondola.

Nanga Chichewa chilimo mu zimenezi?

Chilimo koma osati paliponse, ndipo masitepe atatuwa sali pa msinkhu umodzi. Kumasulira zolemba ndi kumene kuli patsogolo, `Google Translate` inaika Chichewa mu 2014, ndipo mu `NLLB-200` chili ndi kodi yoti `nya_Latn`. Kumvera mawu nkumene kuli kofooka. `Whisper` ili ndi zilankhulo pafupifupi 100, Chiswahili ndi Chishona zilimo koma Chichewa mulibe, ndipo mukaipatsa voisi ya Chichewa sinena kuti sindikuchidziwa, imasankha chilankhulo china mwa zomwe ili nazo nkulemba zooneka ngati mawu. Anthu amachita kuiphunzitsa mowonjezera ndi mawu a Chichewa kuti igwire.

`MMS` ya Meta ya mu 2023 imamvera ndi kulankhula zilankhulo zoposa 1,100, Chichewa chili momwemo ndi kodi yoti `nya`. Deta yake yaikulu inachokera ku zojambula za anthu akuwerenga Chipangano Chatsopano, pafupifupi maola 32 pa chilankhulo. Ndiye ganizani, munthu akuwerenga modekha mchipinda chopanda phokoso, mawu a mBaibulo, kuyerekeza ndi voisi ya munthu akuthamanga, akusakaniza ndi Chingerezi, akutchula manambala ndi nthawi mChingerezi pakati pa chiganizo. Kusakaniza zilankhulo ndi chinthu chimene mamodelo ambiri omangidwira chilankhulo chimodzi amalephera, liwu lachilendo amalikakamiza kukhala liwu lina lofanana nalo kamvekedwe. Onaninso laisensi musanapange bizinesi, `NLLB-200` ndi `MMS` zinatuluka ndi `CC-BY-NC 4.0` yomwe siilola malonda, `Whisper` ili ndi `MIT` yomwe imalola.

Ine sindipanga mapulogalamu, ndimangotumiza. Ndingachitepo chani?

Zambiri ndithu. Foni ikhale pafupi ndi pakamwa koma osaipumira, tembenukirani kumbali mphepo isawombe pa maikolofoni. Chiganizo chimodzi mfundo imodzi, nkupuma pamapeto pake osati pakati. Tchulani mwini nkhani mobwereza mmalo modalira a- yekha, ndipo kukana kusakhale pa chilembo chimodzi, kuikeni kawiri mnjira ziwiri. Uthenga uja ukananenedwa kuti Lachiwiri ayi, musabwere, tsiku lobwera ndi Lachinayi, dokotala wanu abwera Lachinayi, olo s itasanduka z womvera akanaona kuti pali kutsutsana nkufunsa. Miyambi ndi zining'a zisiyeni, zimamasuliridwa liwu ndi liwu. Ndipo ngati apu ikuonetsa zomwe yamva musanatumize, werengani, pamenepo mpokhapo pamene inu mungagwire cholakwa popanda kudziwa chilankhulo chinacho.

Ndamva kuti kuli mamodelo omasulira mawu kupita ku mawu mwachindunji. Si bola amenewo?

Aliko. Google inaonetsa `Translatotron` mu 2019, yomwe imatenga mawu nkutulutsa mawu a chilankhulo china osadutsira pa zolemba, ndipo imatha kusungako kamvekedwe ka liwu la wolankhula. Meta inatulutsa `SeamlessM4T` mu 2023, yomvera zilankhulo pafupifupi 100 koma yolankhula pafupifupi 35 zokha, zomwe zikukuonetsani kale kuti mbali yotulutsa mawu ndi yopapatiza. Ubwino wake ndi woti modelo yomasulira imamva mawu enieniwo, nde kukwera kwa funso kapena kusiyana kwa mitengo iwiri ija kuli ndi mwayi wopulumuka, ndipo kuchedwa kumachepa.

Koma deta yake ndi yovuta kupeza. Unyolo wa zitatu umaphunzira pa milu itatu yosiyana, mawu ndi zolemba zake, ziganizo ndi zomasulira zake, ndi liwu la munthu mmodzi akuwerenga kwa maola angapo, ndipo mulu uliwonse ukhoza kusonkhanitsidwa pawokha. Yachindunji imafuna mawu a chilankhulo china olumikizidwa ndi zomasulira zake, zomwe kwa zilankhulo zambiri ndi zochepa kwambiri. Komanso mu unyolo mukhoza kuchotsa chidutswa chimodzi chofooka nkuikapo china, mukhoza kulowetsa mndandanda wa mayina a mankhwala kapena a malo pakati, mukhoza kuimitsa uthenga wokayikitsa kuti munthu auone usanalankhulidwe. Ineyo pa macheza wamba ndikhoza kusankha yachindunji ngati zilankhulo zonse ziwiri zilimo, koma pa uthenga wa mulingo wa mankhwala kapena tsiku la kukhoti ndimafuna zolemba zapakati zioneke pa sikirini ya wotumiza, adine kuti inde ndi zomwe ndanena, kenako zipite kwa yomasulira.